Tebulo la pendulamu lafika pa foni: mudziwa bwanji ngati masamu ake ali bwino?

Usiku wina tikudya nsima, foni yanga inalira. Anali mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Fomu 3, atatumiza chithunzi cha tsamba la m'kope lake. Pansi pake analemba kuti: "Malume, tandionereni ngati masamuwa ali bwino, tikapereka mawa." Chithunzicho anajambula ndi kuwala kwa tochi, tsamba litapendekeka, ndipo mthunzi wa dzanja lake unaphimba ngodya ina. Amene ali ndi ana a sekondale m'banja akuzidziwa zithunzi zoterezi. Ambiri timangoyang'ana yankho lapansi penipeni, nkuyankha kuti zili bwino. Chonsecho cholakwa chimakonda kubisala pakati pa tebulo, pomwe maso sachedwapo.

Ntchito imene anachita ku labotale inali ya pendulamu, kachitsulo kobulungira kolendewera pa ulusi. Wophunzira amayeza kutalika kwa ulusi, amakokera kachitsuloko pambali pang'ono nkukasiya, kenako amayeza ndi wotchi nthawi imene katenge kuti kapite ndi kubwerera maulendo 20. Nthawiyo akaigawa ndi 20 amapeza nthawi ya ulendo umodzi, imene m'mabuku imalembedwa T. Akatero amachulukitsa T ndi T yemweyo. Cholinga cha zonsezi ndi kupeza g, nambala yosonyeza mmene liwiro la chinthu chogwa limawonjezekera chifukwa cha kukoka kwa dziko. Padziko lapansi pano nambalayi ili pafupifupi 9.8. Nditakulitsa chithunzi, ndinakopera tebulo lake papepala monga mmene maso anga analionera:

```
L (cm)   20T (s)   T (s)   T² (s²)
20       18.0      0.90    0.81
40       25.4      1.27    1.61
60       37.2      1.56    2.43
80       35.8      1.79    3.58
100      40.2      2.01    4.04
```

Kukopera kotereku musakulumphe. Pa foni, ukakulitsa chithunzi kuti uone nambala, mitu ya tebulo imathawira kunja, ndipo ngati tsamba lapendekeka diso limatsetsereka kuchoka pamzere wa 60 nkukatera pamzere wa 80 iwe osadziwa. Papepala lako manambala amakhala phee.

Musanagwire kakyuleta, gawani manambala a m'tebulo m'magulu awiri. Alipo amene mwana anawayeza ndi manja ake: kutalika kwa ulusi ndi nthawi ya maulendo 20. Enawo, T ndi T², anawapeza powerengetsa. Owerengetsawa mungathe kuwabwereza nokha muli pa mpando kwanu, ndipo akalakwika mungawakonze. Oyezawa ayi. Inu kunalibe pamene wotchi inkayenda, choncho chimene mungachite ndi kukayikira ndi kufunsa basi.

Ndinayamba mzere woyamba kuyenda chopingasa. 18.0 kugawa ndi 20 ndi 0.90, ndipo 0.90 kuchulukitsa ndi 0.90 ndi 0.81. Wachiwiri nawo unadutsa bwinobwino. Pachitatu ndi pamene ndinaima: 37.2 kugawa ndi 20 kumapereka 1.86, koma mwanayo analemba 1.56. Munthu wopupuluma apa akanalemba uthenga wakuti wagawa molakwika. Ine ndinayamba ndabwerera chammbuyo. 1.56 kuchulukitsa ndi 20 ndi 31.2. Manambala awiriwa, 31.2 ndi 37.2, akusiyana pa chilembo chimodzi chokha, ndipo ndi chilembo chija chovuta: 1 wolembedwa ndi kandowe pamwamba amaoneka ngati 7, makamaka chithunzi chikadutsa pa watsapu, pomwe chimachepetsedwa mpaka timizere ting'onoting'ono kusokonekera.

Panalinso umboni wina wosafuna kuwerengetsa. Ulusi ukamatalika, kachitsulo kamachedwa kupita ndi kubwerera, ndiye kuti nthawi ziyenera kukwera mukamatsika m'tebulo. Ulusi wa masentimita 60 sungatenge masekondi 37.2 pamene wa masentimita 80 watenga 35.8. Ndinamuuza kuti ajambulenso mzere umenewo pafupi, foni itayang'ana tsamba molunjika. Chithunzi chachiwiri chinabwera ndi 31.2 wooneka bwino. Wolakwa sanali mwana, anali maso anga ndi tochi yake.

Zilembo zina zimene zimanamiza pachithunzi ndi 4 ndi 9, 0 ndi 6, 3 ndi 8. Koma choopsa kwambiri ndi kadontho ka pakati pa nambala. Kakalembedwa ndi pensulo kamafufutika m'chithunzi, 1.27 nkusanduka 127, kapena kachitsotso kogwera patsamba kamasanduka kadontho pomwe panalibe. Mankhwala ake ndi omwe aja: nambala iliyonse yokayikitsa muifunse kwa anansi ake, ya kumanzere, ya kumanja, ya pamwamba ndi ya pansi.

Mzere wachinayi ndiye unali ndi cholakwa chenicheni. 35.8 kugawa ndi 20 ndi 1.79, palibe vuto. Koma 1.79 kuchulukitsa ndi 1.79 ndi 3.20, osati 3.58. Funso labwino pano si lakuti yankho lolondola ndi liti, koma lakuti 3.58 wachokera kuti. Ndi 1.79 kuchulukitsa ndi 2. Mwanayo anaona ka 2 kakang'ono pamwamba pa T, dzanja nkuthamangira kuwirikiza kawiri. Ukadziwa kumene nambala yolakwika yachokera, umadziwa choti umuphunzitse mwana, komanso umadziwa malo ena oti ukayang'ane. Ndinabwerera ku mzere womaliza ndi mtima wokayika, chifukwa pamenepo cholakwa chomwechi chimabisala mochenjera: 2.01 kuwirikiza kawiri ndi 4.02, pamene kuchulukitsa ndi iye yemwe ndi 4.04. T akakhala pafupi ndi 2, njira yolakwika ndi yolondola zimapereka mayankho oyandikana kwambiri. Iye analemba 4.04, ndiye pamenepo anachita bwino, ndipo zinaonetsa kuti njira amaidziwa, kungoti pamzere wachinayi anaphonya.

Ilipo njira yachidule yogwirira zolakwa zotere ngakhale musanabwereze masamu onse. Pa pendulamu, T² amakula molingana ndi kutalika kwa ulusi, ndipo ukagawa T² ndi kutalika kwa m'mamita umapeza nambala yoyandikira 4 pamzere uliwonse. M'tebulo ili mizere itatu yoyamba inapereka 4.05, 4.03 ndi 4.05, womaliza 4.04. Wachinayi, ndi 3.58 uja, unapereka 4.48, kutalikirana ndi anzake onse. Titaika 3.20 unatsikira pa 4.00 nkulowa m'gulu. Chinanso chosavuta: ulusi ukatalika kanayi, nthawi imangowirikiza kawiri. Wa masentimita 20 unatenga 18.0, ndiye wa 80 uyenera kutenga pafupifupi 36. Iye anayeza 35.8. Izi zinanditsimikizira kuti pamzere umenewo muyezo unali wabwino, vuto linali pa kakyuleta.

Tsono pansi pa tebulo pamakhala njira yopezera g:

```
g = 4π²L / T²
```

4π² ndi pafupifupi 39.5. Ndi 3.58 uja, mzere wachinayi umapereka g wa 8.8. Ndi 3.20 umapereka 9.9. Taonani mmene 8.8 amanyengera. Si nambala yodabwitsa, ili chapafupi ndi 9.8, moti wophunzira amangolemba kuti kusiyanaku kwabwera chifukwa cha mphepo kapena kuchedwa kudina wotchi. Mphepo imanamiziridwa zambiri m'malipoti a ana asukulu. Zolakwa zazikulu sizivuta, zimakuwa zokha. Wina akaika L m'masentimita m'malo mwa mamita, g amatuluka pafupifupi 980, ndipo aliyense amaona kuti pavuta. Ngakhale apo, chenjerani ngati chithunzi chadula mitu ya tebulo: 980 ndi yankho lolondola kwa amene akuwerengera m'masentimita nkulemba choncho. Tebulo lopanda mitu musaliweruze, itanitsani chithunzi chathunthu.

Nkhani yofupikitsa manambala imakanganitsa makolo ndi ana pachabe. Kakyuleta yanu ikapereka 2.4336 pamene mwana walemba 2.43, sanalakwe. Wotchi yake inamupatsa zilembo zitatu, 31.2, ndiye sangadzitame ndi zilembo zisanu pa yankho. Kusiyana kwa 1 pa chilembo chomaliza nakonso sikodetsa nkhawa. Choipa ndi kufupikitsa msanga. Akanati asinthe 1.56 kukhala 1.6 asanachulukitse, T² akanakhala 2.56, ndipo g akanatsika kuchoka pa 9.75 kufika pa 9.25, popanda batani lililonse lodinidwa molakwika.

Pali malire amene chithunzi sichingakudutsitseni, ngakhale chioneke bwino chotani. Tiyerekeze kuti mwana amati "wani" pa nthawi imene akusiya kachitsulo, m'malo moyamba ndi ziro. Akamafika pa 20 amakhala atawerenga maulendo 19 okha. Nthawi zonse za m'tebulo zimafupika mofanana, kugawa kumayenda bwino, kuchulukitsa kumayenda bwino, mizere yonse imagwirizana, koma g amatuluka pafupifupi 10.9. Chimodzimodzi akayeza ulusi kulekeza pamwamba pa kachitsulo m'malo mofika pakati pake: kutalika konse kumaperewera pang'ono, ndipo zimaonekera kwambiri pa ulusi waufupi. Masamu akakhala olondola koma mayankho onse apendekera mbali imodzi, siyani kakyuleta, mumuimbire mwanayo akufotokozereni mmene anawerengera ndi pamene anaika lula.

Apa ndi pamene chiyeso chimabwera. Mwana akaona kuti g wake si 9.8, amafuna kusintha nthawi zimene anayeza kuti yankho likongole, ndipo akuluakulu ena amamuthandiza kutero. Ine ndimakana. Mphunzitsi wozolowera amazindikira tebulo lophikidwa, chifukwa munthu wodina wotchi ndi chala amaphonya ndi kagawo ka sekondi, mwina kutsogola mwina kuchedwa, ndipo mizere isanu yopereka 9.8 ndendende siichokera m'labotale ya pasukulu. Tebulo la mtsikanayu litakonzedwa linapereka mayankho apakati pa 9.7 ndi 9.9, monga zimakhalira ntchito ikagwiridwa moona mtima.

Sindinamutumizire 3.20. Ndinalemba kuti: "Mzere wa 80, tenga 1.79 uchulukitse ndi 1.79, undiuze chimene wapeza." Patapita mphindi ziwiri anayankha kuti: "Eee malume, ndinapanga taimusi 2!" Ndinamuuza kuti adule 3.58 ndi kamzere kamodzi, alembe nambala yatsopano pambali pake kuti yakaleyo izionekabe, akonzenso kadontho ka mzere umenewo pa girafu pamodzi ndi avereji ya g, popeza zonsezo zinatengera nambala yolakwika ija. Nthawi zisanu zimene anayeza ndi wotchi sitinakhudzepo ndi imodzi yomwe.