Chifalansa cha Malonda: Ulembere Bwanji Anthu a Mayiko Osiyana?

Wamalonda wa ku Brussels akaitana mnzake wa ku Paris kuti akakambirane pa *dîner*, onse awiri amavomera mokondwa. Koma mmodzi amafika masana, winayo usiku. Ku Falansa *déjeuner* ndi chakudya cha masana ndipo *dîner* ndi chamadzulo. Ku Belujiyamu, ku Switizalandi ndi ku Québec, m'dziko la Kanada, *déjeuner* ndi kadzutsa, *dîner* ndi nkhomaliro, ndipo mgonero ndi *souper*. Mawu achilendo kwenikweni savuta, chifukwa munthu amafunsa. Oopsa ndi amenewa, omwe aliyense amaganiza kuti wawamva.

Manambala nawo ali ndi msampha wawo. Mfalansa akafuna kunena 97 amati *quatre-vingt-dix-sept*, ndiye kuti makumi awiri kanayi, kuwonjezapo khumi, kenaka zisanu ndi ziwiri. Wa ku Belujiyamu amangoti *nonante-sept*, ndipo 70 amati *septante*. Kawerengedwe kameneka kanafalikiranso ku Kongo, Rwanda ndi Burundi, mayiko amene ankalamulidwa ndi Belujiyamu. Choncho amene anaphunzira Chifalansa cha ku Paris kusukulu akhoza kuima mutu pokambirana mtengo ku Lubumbashi. Mbali zina za Switizalandi, monga ku Lausanne, ngakhale 80 ali ndi dzina lakelake, *huitante*.

Kusiyana kwina kunachita kukonzedwa dala. Anthu a ku Québec azunguliridwa ndi Chingerezi mbali zonse, ndipo mu 1977 anakhazikitsa lamulo loti Chifalansa ndicho chikhale chilankhulo cha pantchito ndi pamalonda. N'chifukwa chake m'makalata awo amasamala kwambiri mawu obwereka. Uthenga wa pakompyuta amautcha *courriel*, pamene m'maofesi a ku Paris ambiri amangoti *mail*, ngakhale boma la Falansa linavomereza *courriel* mu 2003. Pepala losonyeza mtengo ntchito isanayambe ku Falansa ndi *devis*, koma ku Montréal adzakupemphani *soumission*.

Nkhani ya ulemu ndiyo imakhudza mtima. Kalata ya ku ofesi ku Falansa imatsekedwa ndi chiganizo chachitali: *Veuillez agréer, Madame, l'expression de mes salutations distinguées*, kutanthauza kuti landirani, mayi, moni wanga waulemu. Mawu oti *Madame* kapena *Monsieur* amene mwatsegulira kalata ayenera kubwerezedwa chimodzimodzi pakati pa chiganizocho. Mswisi amafupikitsa n'kungoti *Meilleures salutations*. Pomwe m'mayiko ngati Kameruni, Kongo ndi Côte d'Ivoire, wolembera mkulu wa boma amayamba ndi kugwada: *J'ai l'honneur de venir très respectueusement auprès de votre haute bienveillance*, ndiye kuti ndabwera modzichepetsa kwambiri pamaso pa kukoma mtima kwanu. Kwa ife amene sitiyamba nkhani tisanafunse za kunyumba, izi sizachilendo. Koma wa ku Montréal akawerenga zotere amaona ngati mukuzungulira, ndipo mkulu wa ku Kinshasa akalandira mizere iwiri yotsekedwa ndi *Cordialement* yekha, kuchokera kwa munthu amene sanaonanepo naye, akhoza kuona ngati wapeputsidwa.

Tiyerekeze kuti kampani ya ku Lilongwe yogulitsa mtedza ikulemba kalata imodzi yopita kwa ogula a ku Lubumbashi, Paris ndi Montréal. Poyambira pabwino ndi Chifalansa cholembedwa cha ku Falansa, osati chifukwa choti chimaposa zinazo, koma chifukwa ndicho chili m'madikishonale ndi m'mabuku ambiri ophunzitsira, ndipo onse atatu adzachimva. Komabe chiyenera kupetedwa kaye. Mtengo ulembedwe m'manambala, 97, pamodzi ndi dzina la ndalama, poti dola ya ku Kanada si dola ya ku Amerika. Pa nthawi yokumana, dzina la chakudya lisatchulidwe, pangolembedwa 12 h 30. M'malo mwa *mail* alembe *courriel*, amene Mfalansa amawamva ndipo wa ku Québec amawayembekezera. Onse awatchule ndi *vous*, amene ali ngati "inu" wathu, osati *tu*. Potseka asankhe chiganizo chachitali chija cha *salutations distinguées*: sichigwada mopitirira kwa wa ku Montréal, komanso sichiuma kwa wa ku Lubumbashi.

Kalata yoyamba ikapita, mphunzitsi wanu amakhala yankho limene labwera. Onani mmene wayambira, mmene watsekera, ndi mawu amene watchulira zinthu. Akayamba ndi kufunsa za banja lanu, nanunso funsani za lake musanatchule matumba a mtedza. Akalemba *nonante*, mukamamuimbira foni mawa lake nanunso nenani *nonante*.