Mizinga iwiri, njira ziwiri: usiku umene Iran inaombera Israeli

Usiku wa pa 13 Epulo 2024, dziko la Iran linatumiza zida zoposa 300 kuti zikaphulike ku Israeli. Asilikali a Israeli anati panali madironi pafupifupi 170, mizinga ya kuluzi yoposa 30 ndi ya balisitiki yoposa 120. Pa mizinga ya kuluziyo, palibe umene unalowa m'dzikolo, koma ingapo ya balisitiki inagwera pabwalo la ndege zankhondo la Nevatim. Kusiyanaku kunachokera pa kaulukidwe kake.

Mzinga wa balisitiki uli ngati mwala wa pa legeni. Roketi imaukankha kwa mphindi zochepa, kenako moto umazima. Mzingawo umapitiriza kukwera mpaka kumene kulibe mpweya, n'kupendekera pansi ndi liwiro loposa la phokoso kangapo. Kuchoka ku Iran kufika ku Israeli, mtunda woposa makilomita 1,000, umangotenga mphindi ngati 12.

Mzinga wotere sungabisale. Masetilaiti amaona kutentha kwa moto wake ukamanyamuka, ndipo rada ikautsatira pang'ono, makompyuta amawerengera kumene ukagwere. Chovuta n'kuumenya. Chida cha Israeli chotchedwa Arrow 3 chimakauchingamira kumwamba komweko n'kuuwomba mwachindunji, popanda bomba, ndipo kuphonya pang'ono chabe ndiye kuti wadutsa.

Mzinga wa kuluzi ndi kandege kopanda woyendetsa, kokhala ndi mapiko ndi injini ya jeti yomwe imalira ulendo wonse. Umathamanga ngati ndege yonyamula anthu, choncho ulendo womwewo umautengera maola awiri. Mphamvu yake ndi kuzemba: umauluka chapansipansi, kutsata zigwa ndi kukhota pamene mdani sakuyembekezera.

Popeza dziko ndi lozungulira, rada ya pansi siona chinthu chotsika chomwe chili patali. Ikauona mzinga uli pa makilomita 40 ukuthamanga makilomita 800 pa ola, oteteza amatsala ndi mphindi zitatu zokha. N'chifukwa chake amakweza maso m'mwamba pogwiritsa ntchito ndege zonyamula rada. Ukangooneka, mzingawu umagwetsedwa ngati ndege wamba. Usiku umenewo, ndege zankhondo za Israeli zinagwetsa 25 isanafike m'malire, pamene ndege za Amereka, Britain ndi Jordan zinkathandiza kugwetsa madironi.

Pa 1 Okutobala chaka chomwecho, Iran inaomberanso, koma ulendo uno inasiya madironi ndi mizinga ya kuluzi. Inatumiza mizinga ya balisitiki pafupifupi 180 m'kanthawi kochepa, pofuna kuti zida zotchinga zichepekedwe. Zithunzi za setilaiti zinaonetsa malo oposa 30 amene mizinga inagwera pabwalo la Nevatim.