Nkhope yomata ndi chithunzi choumba: njira ziwiri zimene ambiri amazisokoneza

Pa 16 Marichi 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine isanathe ndi mwezi womwe, kunatuluka kanema wa pafupifupi mphindi imodzi woonetsa Pulezidenti Volodymyr Zelensky akuuza asilikali ake kuti atule zida pansi. Anthu sanachedwe kutulukira kuti ndi bodza. Mutu unkaoneka waukulu poyerekeza ndi thupi, khungu la kumaso silinkagwirizana ndi la pakhosi, ndipo thupi linangoti njo, osasuntha. Aliyense woyang'anitsitsa ankatha kuona kuti mutuwo ndi wochita kumata.

Masiku ano chilichonse chokhala ndi nkhope ya munthu amene sanajambulidwepo anthu amangochitcha dipifeki. Koma pali njira ziwiri zimene kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana kwambiri. Yoyamba, yomwe ndi yakale, ndi yosinthanitsa nkhope. Yachiwiri ndi ya difyushoni yotsogozedwa ndi chithunzi chachitsanzo. Yoyamba ili ngati telala woika chigamba pa malaya amene alipo kale, pomwe yachiwiri ili ngati telala amene wakupimani n'kusoka malaya atsopano kuyambira pa nsalu. Wofuna kuzindikira chinyengo ayenera kudziwa kaye kuti ndi telala uti amene wagwira ntchitoyo, chifukwa zolakwika zawo zimabisala malo osiyana.

Kusinthanitsa nkhope kumafuna zinthu ziwiri: chithunzi kapena kanema weniweni wa munthu wina, ndi nkhope ya munthu amene mukufuna kuti aoneke m'menemo. Kompyuta imayamba ndi kupeza nkhope m'chithunzicho, n'kuika zizindikiro pa ngodya za maso, pamphuno, pamilomo ndi m'mbali mwa chibwano. Mapulogalamu ambiri akale ankagwiritsa ntchito zizindikiro 68. Kenako imadula nkhopeyo, kuiwongola kuti maso akhale pamzere umodzi, kujambula nkhope yatsopano yoyang'ana mbali yomweyo ndi kumwetulira komweko, n'kuibwezera pamalo pake. Pomaliza imasalaza m'mphepete ndi kusintha mtundu wa khungu kuti ufanane ndi wa pakhosi. Malo amene amasinthidwa nthawi zambiri ndi ochokera pa nsidze kapena pachipumi kufika pachibwano. Tsitsi, makutu, khosi, manja, zovala ndi chipinda chonse zimakhalabe za munthu woyamba uja.

Njira imeneyi inatchuka chakumapeto kwa 2017, ndipo pulogalamu ya DeepFaceLab ndi imene inadzakhala chida cha ambiri. M'kati mwake muli gawo limodzi lofinya nkhope iliyonse kuti itsale manambala ochepa ofotokoza kumene ikuyang'ana, mmene pakamwa patsegukira ndi kumene kuwala kukuchokera. Ndiye pali magawo awiri omanganso nkhope, lina lophunzitsidwa nkhope ya munthu woyamba yokha, lina ya munthu wachiwiri yokha. Mukafinya nkhope ya woyamba n'kuipereka ku gawo la wachiwiri, imatuluka nkhope ya wachiwiri ikuchita zimene woyamba ankachita. Kuti zimenezi zitheke pamafunika zithunzi zikwizikwi za anthu onse awiri ndi masiku ambiri kompyuta ikuphunzira.

Makanema a Tom Cruise wabodza amene anadabwitsa anthu pa TikTok mu 2021 amaonetsa bwino malire a njirayi. Amene anawapanga, Chris Ume wa ku Belgium, anatha pafupifupi miyezi iwiri akuphunzitsa kompyuta, kenako n'kumakonza ndi manja malo olakwika m'kanema aliyense. Komabe chinsinsi chachikulu chinali Miles Fisher, katswiri wa zisudzo amene mutu, tsitsi, mawu ndi kaseka kake n'zofanana kale ndi za Cruise. Pakanaima munthu wa mutu wosiyana, miyezi iwiri ija sikanathandiza kanthu.

Pambuyo pake kunabwera mapulogalamu monga Roop ndi FaceFusion ofuna chithunzi chimodzi chokha. Iwo amadutsitsa nkhope mu makina ozindikira nkhope otchedwa ArcFace, omwe amaifupikitsa kukhala manambala 512, n'kugwiritsa ntchito manambalawo pojambula nkhope yatsopano. Ntchito imatha m'masekondi ochepa, koma chida chimene ambiri amadalira, `inswapper_128`, chimajambula nkhope ya timadontho 128 m'litali ndi 128 m'lifupi. Nkhope ya m'chithunzi cha foni yabwino imatha kukhala yaikulu kuposa pamenepo kanayi kapena kasanu, choncho nkhope yatsopano ija ikakokedwa kuti ikwane imatuluka yachimbuuzi, pamene tsitsi ndi kolala ya malaya zikuoneka bwinobwino. Pofuna kubisa zimenezi anthu amaidutsitsanso mu pulogalamu ngati GFPGAN, yomwe imaikapo khungu longopeka, losalala mopitirira muyeso.

Difyushoni imayambira kwina. Poiphunzitsa, akatswiri amatenga zithunzi mamiliyoni ambiri, n'kumathira chilichonse timadontho tachisawawa pang'onopang'ono mpaka chithunzi chitasoweratu. Ntchito ya makina ndi kuphunzira kuloza timadontho tothiridwato kuti tichotsedwe. Ikaphunzira, mumaipatsa timadontho tachisawawa tokhatokha, topanda chithunzi chilichonse pansi pake. Imachotsa pang'ono, n'kuyang'ana chimene chayamba kuoneka, n'kuchotsanso, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 50. Maulendo oyamba amakhazikitsa maonekedwe aakulu, monga pamene pali mutu ndi pamene pali khoma, pomwe omaliza amaika nsidze ndi mabatani. Pulogalamu ya Stable Diffusion, imene inatulutsidwa poyera mu Ogasiti 2022, ndi yomwe inafikitsa njirayi pa makompyuta a anthu wamba.

Chimene chimauza makina choti aumbe ndi mawu amene mwalemba. Koma mawu sangafotokoze nkhope ya amalume anu mpaka kufanana. Apa ndi pamene chithunzi chachitsanzo chimalowera. Zida monga IP-Adapter ya mu 2023 ndi InstantID ya mu Januwale 2024 zimasandutsa chithunzi chanu kukhala manambala, ndipo pa ulendo uliwonse wochotsa timadontho makina amaona mawu anu n'kuonanso manambalawo. Palibe kadontho ngakhale kamodzi ka chithunzi chanu kamene kamakoperedwa. Nkhope, tsitsi, zovala, mitengo ndi thambo zonse zimabadwira limodzi.

Tiyerekeze kuti mayi wina wafika ku situdiyo ndi kachithunzi ka pachiphaso ka malemu bambo ake. Akufuna chithunzi chachikulu, bambowo atavala suti, choti apachike pabalaza.

Wojambula akasankha kusinthanitsa nkhope, ayenera kupeza kaye chithunzi cha mwamuna wina wovala suti. Ayenera kusamala kuti mwamunayo akhale wa msinkhu ndi khungu lofananako, komanso woyang'ana kutsogolo monga zilili pa chiphaso. Ngati malemu anali a nkhope yozungulira pamene wa sutiyo ndi wa chibwano chachitali, chotuluka chidzakhala maso ndi mphuno za bambo pa mutu wa mlendo. Ngati anali ndi dazi, adzatuluka ndi tsitsi. Ubwino wake ndi wakuti suti, manja ndi mpando zidzaoneka zenizeni, popeza ndi zenizenidi.

Akasankha difyushoni, safunika thupi la wina aliyense. Alowetsa kachithunzi kaja, n'kulemba kuti akufuna bambo wachikulire wovala suti yakuda atakhala pampando. Kenako asankha mphamvu imene chithunzi chachitsanzo chikhale nayo. Mu IP-Adapter muyeso umenewu umatchedwa `scale`, ndipo ambiri amayambira chapakati, pa 0.5 kapena 0.6. Akaukweza kufika pa 1, nkhope ifanana kwambiri koma iuma gwa ngati ya pachiphaso, ndipo makina ayamba kunyalanyaza mawu. Akautsitsa kufika pa 0.3, suti ndi mpando zituluka bwino, koma munthuyo aoneka ngati m'bale wake wa malemu. Palinso nambala yotchedwa `seed`, imene imasankha timadontho toyambira. Akaisintha, chithunzi chonse chisintha, ndipo nkhope nayo isuntha pang'ono. Pa zithunzi khumi, mayi uja akhoza kuloza ziwiri n'kunena kuti awa ndi bambo, zinazo n'kuzikana.

Chimene chimapweteka kwambiri pa ntchito ngati iyi ndi chakuti makina ozindikira nkhope anaphunzitsidwa kusunga zokhazo zowathandiza kusiyanitsa munthu ndi mnzake, osati kusunga chilichonse. Chipsera cha pachipumi, mphini za pamasaya kapena mpata wa pakati pa mano zimatayika mosavuta, chonsecho ndi zimene abale amayamba kuyang'ana. Komanso Stable Diffusion siumba chithunzi pa kukula kwake kwenikweni. Chithunzi cha timadontho 512 mbali iliyonse imachigwira chitachepetsedwa kufika pa 64. Nkhope ya munthu woima patali, yotambalala timadontho 40, imangotsala ndi timalo 5, n'chifukwa chake nkhope za anthu a kumbuyo zimatuluka zopotoka. Wojambula wodziwa ntchito amapempha chithunzi chochokera pachifuwa kukwera m'mwamba. Ndipo ine ndikuona kuti ayenera kuuza banjalo poyera kuti chimene wapanga n'chongoyerekeza, chifukwa zidzukulu zidzakula zikukhulupirira kuti agogo anakhalapodi pampando umenewo.

Pofufuza chinyengo, nkhope yomata imagwidwa pa msoko. Yang'anani pamene chipumi chikukumana ndi tsitsi ndi pamene chibwano chikukumana ndi khosi. M'kanema, dikirani pamene munthu akutembenukira chammbali kapena dzanja likudutsa kumaso, chifukwa pamenepo nkhope imagwedera kapena kuphimba zala. Yerekezani makutu ndi a m'zithunzi zina za munthuyo. Choposa zonse, chithunzi choyambirira chilipo kwinakwake, ndipo Google Lens kapena TinEye zimatha kuchipeza chili ndi nkhope ya mwini wake.

Chithunzi cha difyushoni chilibe msoko ndipo chilibe choyambirira. Khungu la kumaso limagwirizana ndi la pakhosi chifukwa zinaumbidwa pamodzi. Zolakwika zake zimamwazikana: zilembo zosawerengeka pa chikwangwani, ndolo zosiyana, lamba wa chikwama wothera m'malere, mithunzi yogwera mbali ziwiri. Zala zisanu ndi chimodzi zinali chizindikiro chodalirika mu 2022, koma makina atsopano salakwitsanso kawirikawiri pamenepo. Ndipo ena amaphatikiza njira zonse ziwiri, kuumba thupi ndi difyushoni kenako n'kumatapo nkhope kuti ifanane kwambiri.

Anthu amene amavulala kwambiri ndi zida zimenezi si apulezidenti. Kafukufuku wa kampani ya Deeptrace mu 2019 anapeza kuti makanema 96 pa 100 aliwonse a dipifeki amene anawapeza pa intaneti anali olaula, ndipo okhudzidwa anali akazi. Nthawi imeneyo wochita zoipazo ankafunika zithunzi zambiri za munthu ndi masiku ambiri, pomwe lero chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp n'chokwanira. Choncho wina akakutumizirani chithunzi chochititsa manyazi cha munthu amene mukumudziwa, musachitumize kwa ena, ngakhale mutayang'ana pachibwano n'kupeza kuti palibe msoko.