Liwiro la shoti limayambira m'chiuno

Shoti yamphamvu ikagwedeza ukonde, ochemerera amatamanda phazi, amati mnyamatayu ali ndi phazi lolemera. Komatu phazilo limangofikitsa pa mpira liwiro limene lakonzedwa kale ndi chiuno, ntchafu ndi bondo, chilichonse pa nthawi yake.

Tiyeni titenge shoti yomenya ndi pamwamba pa phazi, paja pomangira zingwe za nsapato. Wosewera amafika pa mpira chammbali pang'ono osati molunjika, kuti chiuno chipeze mpata wotembenuka. Sitepe yake yomaliza imakhala yaitali, ndipo phazi loimira limaponda pambali pa mpira. Apa mwendo womenyera umakhala utatsala kumbuyo, bondo likupindika, chidendene chikukwera cha kumatako. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi ya m'chiuno imakhala yakokeka, ndipo mnofu umene wangokokedwa kumene umabweza mwamphamvu kuposa umene unangokhala.

Choyamba kupita kutsogolo ndi chiuno, chimene chimatembenuka n'kukoka ntchafu. Chodabwitsa n'chakuti ntchafu ikamayamba ulendo wake, bondo limakhala likupindikabe, mpaka kupitirira madigiri 90. Kupindikako kuli ndi phindu. Mwendo wopindika umasonkhanitsa kulemera kwake pafupi ndi chiuno, motero suvuta kuuthamangitsa. Yesani kugwedeza mwendo uli wowongoka, kenako muupinde, mudzamva nokha kusiyana kwake.

Kenako pamachitika chinthu chimene maso saona msanga. Bondo likamayandikira pamwamba pa mpira, ntchafu imayamba kuchepetsa liwiro, ndipo nthawi yomweyo msongolo umafwamphuka. Zili ngati mkwapulo: dzanja limatsogola n'kuima, nsonga n'kumalizitsa mwaukali. Ntchafu inali itaukoka kale msongolo, minofu yowongola bondo n'kuwonjezera mphamvu yake, ndipo mwendo woimira, powongoka pang'ono, umakweza chiuno n'kuthandiza msongolo kuzungulira. Zotsatira zake n'zakuti pamene phazi likukhudza mpira, ntchafu imakhala ikuyenda pang'ono chabe pomwe phazi lili pa liwiro lake lalikulu. Bondo limakhala lisanawongoke lonse, limamaliza mpira utachoka.

Nanga kakolo? Iye ntchito yake ndi kuuma. Zala zimaloza pansi, kakolo n'kulimba gwa, chifukwa phazi ndi mpira zimakhudzana kwa kanthawi kochepetsetsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. M'kanthawi kameneka palibe chimene minofu ingawonjezere. Kakolo akakhala wolobodoka, phazi limagonja n'kupindika, ndipo mphamvu ina imathera m'kupindikako m'malo molowa mu mpira.

Tiwerengere pa penate, imene imamenyedwa pa mtunda wa mamita 11. Phazi la wosewera waluso limatha kufika pa mpira likuthamanga mamita 20 pa sekondi. Mpira ndi wopepuka, magalamu 410 mpaka 450, ndipo umanjanja, choncho ukamenyedwa bwino umachoka mothamanga kuposa phazi lenilenilo, mwina mamita 24 pa sekondi, omwe ndi makilomita 86 pa ola. Ukafika pa golo theka la sekondi lisanakwane. Phazi lomwelo, pa liwiro lomwelo, likamenya ndi kakolo wofewa kapena cha ku zala, mpira ungachoke pa mamita 20 okha pa sekondi, n'kufika theka la sekondi litadutsa. Kusiyanako n'kochepa pa pepala, koma goloboyi amakudziwa bwino.

Cholakwika chimene chimaoneka kwambiri mwa ana ndi ongoyamba kumene ndi kuwongola bondo msanga. Ntchafu ndi msongolo zimayendera limodzi, mwendo wonse n'kufika pa mpira uli wowongoka. Mwanayo amachita kukukuta mano, koma mpira umangogubuduka. Mphunzitsi akamukalipira kuti awonjezere mphamvu amangowonjezera vuto, chifukwa mwana amalimbitsa mwendo wonse, bondo n'kulephera kupindika momasuka. Vuto lina ndi la phazi loimira. Likaponda kumbuyo kwambiri kwa mpira, thupi limapendekera chagada, phazi limapeza mpira likukwera kale, ndiye mpira uja umakasaka mbalame.

Mpira ukachoka, mwendo usaimitsidwe mwadzidzidzi. Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ndi imene imagwira mabuleki kuti bondo lisapitirire malire, ndipo wosewera amene amaganiza zoimitsa mwendo amayamba kuuchedwetsa asanamenye n'komwe.

Aphunzitsi a matimu a m'madera, jambulani osewera anu ndi foni mutaima chammbali, kenako muonere kanemayo pang'onopang'ono. Imitsani pamene ntchafu yayamba kupita kutsogolo ndipo muyang'ane chidendene. Ngati chatsika kale, yambani mwakonza pamenepo musanamuuze mwana kuti alibe mphamvu.