Kodi Wamisala Angazengedwe Mlandu?

Munthu wodwala maganizo akapalamula, bwalo limafunsa mafunso awiri, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Loyamba ndi la lero: kodi munthuyu angathe kutsata mlandu wake? Lachiwiri ndi la tsiku la chipalamulo: kodi ankadziwa chimene ankachita?

Pa funso loyamba oweruza amaona ngati woimbidwa mlanduyo akumva chimene akumuneneza, ngati angathe kuvomera kapena kukana, kutsata mawu a mboni ndi kuuza loya wake zoti amunenere. Akalephera, mlandu umaima. Sanamasulidwe, amapita kuchipatala, ndipo akachira angabwerenso kubwalo.

Funso lachiwiri linachokera ku Mangalande. Pa 20 Januwale 1843, Daniel M'Naghten, mmisiri wa matabwa wa ku Glasgow, anawombera Edward Drummond mu mzinda wa London, ndipo Drummond anamwalira patapita masiku asanu. Zikuoneka kuti M'Naghten ankayesa kuti akuwombera Nduna Yaikulu, Robert Peel, pakuti Drummond anali mlembi wake. Iye ankakhulupirira kuti anthu a chipani cha Peel akumulondalonda usana ndi usiku. Mlandu unazengedwa, madokotala anachitira umboni za matenda ake, ndipo bwalo linati alibe mlandu chifukwa cha misala. Komabe sanabwerere kwawo: anasungidwa ku chipatala cha Bethlem, kenaka ku Broadmoor, kumene anamwalira mu 1865.

Anthu anadandaula kwambiri, kotero Nyumba ya Malodi inapempha oweruza akuluakulu kuti alongosole lamulo. Iwo anati munthu aliyense ayesedwe wamutu wabwino kufikira umboni utatsutsa. Wofuna kupulumuka asonyeze kuti pa nthawi ya chipalamulo matenda a maganizo anamulepheretsa kudziwa chimene ankachita, kapena kudziwa kuti n'cholakwa.

Tsono apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa kudwala kokha sikukwanira. Oweruza aja anapereka chitsanzo. Wodwala amene akuona ngati mnzake akudza kudzamupha, namupha podziteteza, salangidwa, pakuti zikanakhala zoona lamulo likanamulola. Koma amene akuganiza kuti mnzake wamuipitsira mbiri, namupha pobwezera, ali ndi mlandu, pakuti ngakhale zikanakhala zoona sakanaloledwa kupha. N'chifukwa chake bwalo limayang'ana ngati wopalamulayo anathawa, anabisa chida, kapena ananama kwa apolisi: wobisa amasonyeza kuti ankadziwa kuipa kwa ntchito yake. Dokotala amangopereka umboni. Chigamulo ndi cha bwalo.

Malamulo a milandu ya upandu a dziko la Malawi anatenga muyeso womwewu, ndipo ofunika kupimidwa mutu kawirikawiri amatumizidwa ku chipatala cha amisala ku Zomba. Achibale a wodwala asunge makalata a kuchipatala, pakuti funso lachiwiri limanena za tsiku limene linapita kale, ndipo dokotala amene akumuona lero panalibe.