Chilembo Chomaliza pa Dzina la Purosesa

Munthu akamagula laputopu yosewerera magemu, maso ake amathamangira pa kachikwangwani komatidwa pafupi ndi mabatani, kolembedwa Core i7. Wogulitsa naye amangoti, "Iyi ndi i7 bwana, imasewera chilichonse." Koma i7 ndi dzina la mtundu chabe, ngati mfunda. Anthu a mfunda umodzi salingana mphamvu. Chimene chimaulula zoona ndi chilembo chakumapeto kwa dzina lonse, chomwe ambiri sachiwerenga n'komwe.

Titenge mapurosesa anayi a kampani ya Intel a m'badwo wa 13, onse otchedwa i7. Wa kompyuta ya patebulo, i7-13700K, anatuluka mu 2022, ndipo a laputopu anatsatira kumayambiriro kwa 2023: i7-13700HX, i7-13700H ndi i7-1355U. Mukawayang'ana pa pepala, onse amafika liwiro la 5 GHz kapena kupitirira pang'ono. Wosadziwa angaganize kuti kusiyana kwawo n'kochepa.

M'kati mwa purosesa muli tizigawo togwira ntchito, makowa. Mu m'badwo umenewu makowa alipo amitundu iwiri: akuluakulu amphamvu, amene amalembedwa P-core, ndi ang'onoang'ono osadya magetsi ambiri, amene amalembedwa E-core. Gemu imadalira kwambiri akuluakuluwo. Tsono i7-13700K ali ndi akuluakulu 8 ndi ang'onoang'ono 8. Wa HX ali ndi chiwerengero chomwecho, chifukwa ndi chipangizo cha kompyuta ya patebulo chimene angochiika m'laputopu. Wa H ali ndi akuluakulu 6. Wa U ali ndi awiri okha. Wogulitsa akanena kuti i7-1355U ali ndi makowa 10 sakunama, koma 8 mwa iwo ndi ang'onoang'ono.

Nkhani yaikulu, komabe, ili pa magetsi. Chilembo chakumapetocho kwenikweni chimanena kuchuluka kwa mawati amene purosesa anapangidwira kudya. Wa U anamuyezera mawati 15, wa H mawati 45, wa HX mawati 55, pamene wa K amayambira pa 125 ndipo amaloledwa kukwera mpaka 253. Magetsi onse amene purosesa wadya amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumayenera kutuluka. Kompyuta ya patebulo ili ndi bokosi lalikulu, mafani akuluakulu ndi choziziritsira cholemera. Laputopu yopyapyala ili ndi kafani kamodzi ndi timabowo tochepa. N'chifukwa chake liwiro la 5 GHz lolembedwa pa purosesa wa U ndi loona koma losakhalitsa: amalifika kwa kanthawi potsegula pulogalamu, kenako n'kubwerera pansi. Potsegula kalata kapena kulemba lipoti, kuthamanga kwa kanthawiko kumakwanira. Gemu ndi ulendo wa maola awiri, ndipo imafuna liwiro limene purosesa angakhale nalo osapuma.

Apa m'pamene ndimaona anthu ambiri akupwetekedwa mtima. Mnyamata waonera vidiyo ya gemu ikuyenda bwino pa i7-13700K, wasunga ndalama miyezi yambiri, n'kugula laputopu ya i7-1355U poganiza kuti ndi pachibale. Makina amenewo si oipa ayi. Ndi abwino kwambiri kwa wophunzira ndi wa mu ofesi, opepuka, osunga batire. Kungoti ambiri a iwo alibe khadi ya zithunzi yapayokha, ndipo gemu yolemera imawaposa msinkhu.

Nanga HX, poti ndi chipangizo cha patebulo, ndiye kuti walingana ndi K? Amayandikira, koma salingana. Malire ake apamwamba ndi mawati 157, ndipo ngakhale amenewo laputopu siingawapereke nthawi yaitali, makamaka pamene khadi ya zithunzi nayo ikufuna gawo lake la magetsi ndi la kuziziritsa komweko. Chimene HX amapambanira H pa magemu si kuchuluka kwa makowa kokha. Ali ndi kashe ya 30 MB ngati K, pamene H ali ndi 24 MB ndipo U ali ndi 12 MB. Kashe ndi kankhokwe ka m'kati mwa purosesa kosungiramo zimene akuzifuna pafupipafupi, ndipo magemu amapindula nako kwambiri. Pa i9 kusiyana kumakula: i9-13900HX ali ndi makowa 24, pamene i9-13900H ali ndi 14 okha, ofanana chiwerengero ndi i7-13700H. Ndalama zowonjezera zogulira i9 wa H zimagula liwiro lochepa chabe.

Kwa AMD zilembo zake ndi zofananako, U, HS ndi HX, koma pali msampha wina pa manambala. Pa mapurosesa a laputopu a gulu la 7000, nambala yachitatu ndiyo imanena kamangidwe. Ryzen 7 7840HS ndi wa Zen 4, koma Ryzen 7 7735HS ndi wa kamangidwe kakale ka Zen 3+, ngakhale dzina lake likuoneka ngati m'bale wa Ryzen 7 7700X wa patebulo, amene ndi wa Zen 4.

Chilembo chili ndi malire ake. Chimakuuzani zimene purosesa angathe, osati zimene wopanga laputopu wamulola. Kampani iliyonse imaika yokha malire a mawati molingana ndi choziziritsira chimene yaikamo. Laputopu ziwiri za i7-13700H yemweyo, ina yopyapyala ina yochindikala, zimasiyana moonekeratu gemu ikatha mphindi makumi awiri. Komanso pa magemu ambiri khadi ya zithunzi ndiyo imalamula, ndipo nayo ili ndi vuto lomweli la mayina. RTX 4090 ya laputopu ili ndi memole ya 16 GB ndipo inapangidwa ndi chipangizo cha mtundu wa RTX 4080 ya patebulo, pamene RTX 4090 ya patebulo ili ndi 24 GB ndipo imadya mawati 450. Kunena za ine, ndingasankhe purosesa wa H wokhala ndi khadi yabwino kusiyana ndi wa HX wokhala ndi khadi yofooka.

Poti kuno laputopu zambiri zimagulidwa zogwiritsidwapo kale ntchito, kachikwangwani musakakhulupirire. Dinani Ctrl+Shift+Esc, mutsegule Performance kenako CPU, ndipo dzina lonse la purosesa lionekera pamwamba, ndi chilembo chake chomwe. Mukatero pemphani kuti muyese makinawo ali pa chaja, chifukwa laputopu yosewerera imadzichepetsa mphamvu ikakhala pa batire. Zimenezi muzikumbukirenso magetsi akathima pakati pa gemu: kutsika kwa liwiro panthawiyo si kuwonongeka.

Pulogalamu yaulere ya HWiNFO imaonetsa zotsalazo. Isiyeni yotsegula, sewerani gemu yolemera kwa mphindi makumi awiri, kenako muone mzere wa CPU Package Power ndi wa kutentha. Ngati kutentha kwagunda madigiri 100 ndipo pa Thermal Throttling palembedwa Yes, purosesa akudzibweza yekha kuti asapse. Nthawi zambiri chifukwa chake ndi fumbi lotseka timabowo ta fani kapena phala loziziritsira limene lauma, ndipo zimenezi wokonza makompyuta amazithetsa. M'mwezi wa Okutobala, chipinda chikatentha, vutoli limafulumira kuoneka. Koma ngati kutentha kuli bwinobwino pamene mawati atsika n'kuima pa nambala imodzi osasuntha, amenewo ndi malire amene wopanga anaika. Yesani kusankha Performance kapena Turbo mu pulogalamu ya laputopuyo. Nambalayo ikapanda kukwera, ndiye mphamvu yeniyeni imene mukugula, ndipo mtengo muukambirane kuyambira pamenepo.