Mpamba wako ungatsike mpaka pati?

Aliyense wogulitsa njira ya malonda a foreksi amakhala ndi mbiri yokuwonetsa: malonda angapo amene anachita, phindu limene anapeza, komanso kutsika kwakukulu kumene mpamba wake unakumana nako. Kutsika kumeneku, kumene amalonda amati dirodawuni, kumayezedwa kuchokera pomwe ndalama zinafika pamwamba kukafika pomwe zinagwera zisanayambe kukweranso. Vuto ndi lakuti mbiri imawonetsa ndondomeko imodzi yokha ya mmene kupindula ndi kuluza zinatsatizirana, ndipo ndondomekoyo inangochitika mwamwayi.

Tiyerekeze munthu amene wayamba ndi madola 1,000 ndipo wachita malonda 10. Pa malonda 6 wapindula madola 100 ulendo uliwonse, pa 4 waluza madola 80 ulendo uliwonse, choncho wamaliza ndi madola 1,280. M'mbiri yake kuluza sikunabwere kawiri motsatizana, ndiye kutsika kwake kwakukulu ndi madola 80 basi. Munthuyu angadzigugude pachifuwa kuti njira yake ndi yofatsa.

Tsopano tilembe zotsatira 10 zija patimapepala, tiponye m'chipewa, tisakanize, n'kumatulutsa kamodzikamodzi. Mapeto sasintha, akhalabe madola 1,280, koma njira yofikira kumeneko imasintha kwambiri. Kuluza kunayi kungakhale pakati pa malonda 10 m'njira 210 zosiyana. Mwa njirazi, 35 zokha ndi zimene kuluza sikugundizana. Ndiye kuti mbiri yokongola ija imatuluka kamodzi pa maulendo 6. Maulendo ena onse mpamba umatsika ndi madola 160 kapena kuposerapo. M'njira 42, kuluza kumabwera katatu motsatizana, madola 240 n'kupita. M'njira 7, kuluza konse kunayi kumabwera pamodzi, madola 320. Zimenezi zikachitika koyambirira, mpamba umatsala madola 680, ndipo kuti ubwerere pa 1,000 pafunika phindu la 47 peresenti. Ambiri akafika pamenepo amataya mtima n'kusiya njirayo, chonsecho njirayo sinasinthe.

Malonda akafika mazana, njira zonse sizingawerengeke, ndiye kompyuta imasakaniza maulendo 1,000 kapena 10,000, n'kumasunga kutsika kwakukulu kwa ulendo uliwonse. Kachitidwe kameneka kamatchedwa Monte Carlo, dzina lochokera ku nyumba ya juga ya ku Monaco, ndipo anakayambitsa ndi Stanislaw Ulam ndi John von Neumann ku Los Alamos m'zaka za m'ma 1940. Ngakhale mu Excel zimatheka: ulembe `=RAND()` pambali pa malonda aliwonse, usanje mizere potsata manambala amenewo, basi wasakaniza kamodzi. Ukamaliza maulendo onse umasanja kutsika konse kuyambira kochepa, n'kuyang'ana malire amene maulendo 95 pa 100 sanapitirire. M'chitsanzo chathu malirewo ndi madola 240, katatu kuposa zimene mbiri inanena.

Pali kasakanizidwe kena kamene Bradley Efron wa ku yunivesite ya Stanford anafotokoza mu 1979: kapepala ukakatulutsa umakabwezera m'chipewa usanatulutse kena. Apa kuluza kumodzi kungatuluke kangapo, mwina kuluza n'kukwana kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, moti ngakhale phindu lomaliza limasintha. Ine ndimakonda kameneka, chifukwa mawa silinalonjeze kuti kuluza kudzakhala kanayi kokha.

Komabe chipewa chimatulutsa zokhazo zimene waponyamo. Ngati mbiri yako ilibe tsiku ngati la 15 Januwale 2015, pamene banki yayikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kutchinga ndalama yake kuti isakwere poyerekeza ndi yuro, mitengo n'kudumpha malo amene anthu anaika oti atulukirepo, kusakaniza sikungakuwonetse tsoka lotere. Kusakaniza kumaganizanso kuti malonda a lero sakhudzana ndi a dzulo, pomwe msika ukasintha khalidwe kuluza kumabwera m'magulu. Chizindikiro chake n'chakuti kutsika kwa m'mbiri yeniyeni kumapezeka pakati pa koipitsitsa kwa maulendo osakaniza aja. Zikatero, usakanize malonda m'magulu, mwachitsanzo asanuasanu otsatizana, osati amodziamodzi. Ndipo malonda 10 tangowagwiritsa ntchito pophunzirira. Mbiri yaifupi chonchi siyodalirika.

Ukapeza malire ako, dzifunse ngati ungapirire kutsika kotero. Ngati madola 240 pa 1,000 akulemera, chepetsa ndi theka kukula kwa malonda aliwonse: kutsikako kukhala madola 120, phindunso litsika kuchoka pa 280 kufika pa 140. Chisankho chimenechi uchite usanayike ndalama.